Mmene dzina la munthu wa pachithunzi limatsimikizidwira

Mwezi wa Febuluwale ukamapita kumapeto, pamene Angoni a kuno ku Lusaka akukonzekera ulendo wa ku Mtenguleni kukachita nawo mwambo wa Nc'wala, pa mafoni pamayamba kuyenda zithunzi za mafumu akale, chilichonse chili ndi dzina lolembedwa pansi pake m'zilembo zikuluzikulu. Pakati pa zithunzizo sipalephera kupezeka cha mwamuna wovala nthenga kumutu, atagwira chishango ndi mkondo, chooneka kuti ndi cha kamera, chimene wotumizayo amanenetsa kuti ndi Shaka. Koma Shaka anaphedwa mu 1828, pamene luso lojambula ndi kamera linalengezedwa kwa anthu mu 1839, choncho chithunzi chilichonse cha kamera chonenedwa kuti ndi chake ndi cha munthu wina. Ngakhale chithunzi chake chodziwika bwino cha m'mabuku a mbiri, chomwe waimirira ndi chishango chachitali, ndi chojambula pamanja chimene chinasindikizidwa ku London mu 1836, mwini wake atamwalira kale zaka 8.

Funso lenileni ndi lakuti dzina limafika bwanji pa chithunzi kapena pa chiboliboli, ndiponso kuti tingadziwe bwanji ngati lafika pa munthu woyenera. Ambiri timathamangira nkhope, pomwe akatswiri a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amaiika nkhope pamapeto penipeni. Chifukwa chake n'chakuti wojambula wakale ankakongoletsa amene ankamulipira, wojambula mmodzi ankapereka mphuno ndi maso ofanana kwa anthu ambiri, ndipo kwa anthu ochuluka a m'mbiri palibe chithunzi china chotsimikizika chimene tingayerekezere nacho. Zimene amadalira ndi zitatu: mawu olembedwa pa chinthucho, zizindikiro zimene munthuyo wavala kapena wagwira, ndi kaundula wosonyeza kumene chinthucho chadutsa kuchokera tsiku limene chinapangidwa. Ntchitoyi imafanana ndi mlandu wa pabwalo la mfumu, pamene mboni iliyonse imayamba yafunsidwa kumene inali tsikulo isanamveredwe, ndipo chigamulo chimadikira mpaka mboni zosapangana zitanena zofanana.

Mawu olembedwa ndiwo amaoneka ngati umboni wosatsutsika, koma ndi amene amasocheretsa anthu msanga. Choyamba kufunsa ndi chakuti dzina lolembedwalo ndi la yani, popeza pa chithunzi chimodzi pakhoza kukhala dzina la wojambula, la wojambulidwa, la amene analipira ntchitoyo, ngakhalenso la amene anasungunula mkuwa wa chiboliboli. Pa zithunzi za ku Ulaya za zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ankalemba kwambiri m'Chilatini, ndipo mawu ochepa amabwera kawirikawiri. Dzina lotsatiridwa ndi "pinxit" kapena "pingebat" ndi la amene anapenta, lotsatiridwa ndi "fecit" ndi la amene anapanga, ndipo pa zithunzi zodinda papepala "sculpsit" amanena za amene anazokota chitsulo chodindira. Mawu akuti "aetatis suae" otsatiridwa ndi nambala amanena msinkhu wa wojambulidwayo. Chodabwitsa n'chakuti dzina la wojambulidwa mwiniyo nthawi zambiri silinkalembedwa, chifukwa chithunzicho chinkapachikidwa m'nyumba mwake, momwe aliyense ankamudziwa. Dzinalo linkayamba kufunika patapita mibadwo iwiri kapena itatu, omudziwa atatha, ndipo pamenepo mdzukulu kapena wogulitsa ankatenga burashi n'kulemba zimene anamva kapena zimene zikanakweza mtengo.

N'chifukwa chake funso lachiwiri ndi lakuti mawuwo analembedwa liti. Penti wa mafuta akakalamba amachita timing'alu tating'onoting'ono, ndipo zilembo zimene zinalembedwa pamodzi ndi chithunzicho zimang'aluka pamodzi nacho, pomwe zowonjezeredwa pambuyo pake zimadutsa pamwamba pa timing'aluto kapena penti wake amalowa mkati mwake. Zina zimapezeka kuti zakhala pamwamba pa vanishi, amene amapakidwa chithunzi chitauma, ndipo akachiunika m'chipinda chamdima ndi nyali yapadera imene imawalitsa vanishi wakale, zowonjezerazo zimaoneka zakuda. Chitsanzo chodziwika ndi chithunzi cha William Shakespeare chotchedwa Flower, chimene chili ndi dzina lake ndi chaka cha 1609 pamwamba pake. Mu 2005 akatswiri a ku National Portrait Gallery ku London atachiyeza anapezamo penti wachikasu wa mtundu umene sunkapezeka kwa ojambula mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pentiyo sanali wa pamalo pokonzedwa chabe koma wa m'kati mwa chithunzi chenichenicho. Zilembozo zinali zomveka bwino, koma zinalembedwa patapita zaka 200 kapena kuposerapo. Pa ziboliboli zamwala chinyengo chotere n'chakale kwambiri, pakuti Farao Ramesesi Wachiwiri wa ku Iguputo ankafufuta mayina a mafumu akale pa ziboliboli zawo n'kuzokotapo lake, ndipo masiku ano zimenezi zimadziwika chifukwa pamalo pamene panali dzina loyamba mwala unapalidwa n'kulowa m'kati kuposa pozungulira pake.

Zizindikiro zili ndi vuto la mtundu wina. Zimanena zoona, koma zimanena za udindo, osati za munthu. Aliyense amene anaonapo Kuomboka akudziwa yunifomu yakuda ya zingwe zagolide ndi chipewa cha nthenga zimene Litunga amavala pofika ku Limulunga. Mwambo wa chovalacho unayamba ndi Lewanika, amene anapita ku London mu 1902 pa kulongedwa ufumu kwa Edward VII, koma a Litunga otsatira akhala akuvalanso chovala cha mtundu womwewo, kotero kuti chithunzi chakale cha mwamuna wovala yunifomuyo chimangotiuza kuti ndi Litunga, osatiuza kuti ndi uti. Kampango koyera m'dzanja kamatikumbutsa a Kenneth Kaunda, ndipo litchowa limakumbutsa Amalawi za a Kamuzu Banda, koma a Jomo Kenyatta a ku Kenya nawonso ankayenda ndi litchowa. Zizindikiro zimakhala zamphamvu pokhapokha pamene mwambo unazipereka kwa munthu mmodzi yekha, monga zilili m'matchalitchi, momwe mwamuna wogwira makiyi ndi Petulo woyera, wogwira lupanga ndi buku ndi Paulo, ndipo mkazi woima pambali pa gudumu la minga ndi Katarina wa ku Alekisandiriya. Komabe pamenepo chizindikiro chikutiuza amene wojambula ankafuna kuonetsa, osati mmene munthuyo ankaonekera, chifukwa wojambulayo sanamuonepo.

Mmene mboni zitatuzi zimagwirira ntchito pamodzi zimaoneka bwino pa chithunzi chimodzi chotchuka cha ku National Gallery ku London, chimene masiku ano chimatchedwa cha akazembe awiri. Ndi chachikulu, pafupifupi mamita awiri m'litali ndi m'lifupi momwe, chopentedwa pa matabwa olumikiza, ndipo chikuonetsa amuna awiri ataimirira, wina kumanzere ndi wina kumanja kwa shelefu ya magawo awiri yodzaza ndi zida zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, mabuku ndi zoimbira. Pansi pakati pawo pali chinthu chotuwa chotalika chimene chimaoneka kuti ndi chibade cha munthu pokhapokha woonera akaima cha kumbali. Pamene nyumbayi inagula chithunzichi mu 1890 kwa banja la Radnor la ku Longford Castle, panalibe amene ankadziwa motsimikiza kuti amunawo ndi ndani. Maganizo ofala panthawiyo anali akuti ndi Angerezi awiri, mlakatuli Thomas Wyatt ndi katswiri wa zakale John Leland.

Zolembedwa pa chithunzicho sizitchula dzina la aliyense wa awiriwo, koma zimapereka manambala atatu. Pansi, cha kumanzere mumthunzi, wojambula analemba dzina lake ndi chaka, ndipo ndi Hans Holbein, mu 1533. Pa chimake cha mpeni wagolide umene mwamuna wa kumanzere wagwira pali nambala ya msinkhu wake, 29, ndipo m'mphepete mwa buku limene wa kumanja watsamira ndi chigongono pali 25. Manambalawa sanena kuti anthuwa ndi ndani, koma amachotsa pa mndandanda aliyense wosayenera. Wa kumanzere ayenera kukhala wobadwa cha mu 1504, wa kumanja cha mu 1508, onse awiri ayenera kuti anali kumene Holbein anali mu 1533, ndipo Holbein chaka chimenecho anali ku London. Apa pali kamsampha kamene kamakola ambiri: mawu achilatini aja akuti "aetatis suae" amatanthauza kuti munthu ali m'kati mwa chaka chake cha 29, kutanthauza kuti wakwanitsa 28 ndipo akupita ku 29, choncho powerengera chaka chobadwa pamafunika kusiya mpata wa chaka chimodzi. Wyatt ndi Leland anabadwa pafupifupi nthawi imodzi, ndipo kusiyana kwa zaka 4 kumene chithunzichi chikunena sikukuwayenera.

Zizindikiro zinachepetsanso mndandandawo. Mwamuna wa kumanzere wavala pakhosi tcheni chagolide chokhala ndi mendulo ya mngelo Mikayeli akulasa chinjoka, ndipo imeneyi ndi mendulo ya gulu laulemu la Mikayeli woyera, limene mfumu ya ku Falansa inkalowetsamo anthu ake odalirika. Mzere wa anthu amene anali ndi ulemu umenewu, a msinkhu woyenera, amenenso anali ku London mu 1533, ndi waufupi kwambiri. Kenaka pali mpira wa mapu a dziko umene uli pa shelefu ya m'munsi. Pa mpirawo palembedwa mayina a maiko ndi a mizinda ikuluikulu, koma pakati pa mayina a ku Falansa pali limodzi la kamudzi kamene wopanga mapu aliyense sakanakaikapo, Polisy, lolembedwa kuti "Policy". Kumeneko n'kumene kunali nyumba yaikulu ya Jean de Dinteville, amene anabadwa mu 1504 ndipo anali kazembe wa Falansa ku Mangalande mu 1533. Sidney Colvin wa ku British Museum ndiye anatchula dzina limeneli mu 1890 momwemo.

M'chithunzi chomwecho mulinso zizindikiro zimene zinasocheretsa anthu ophunzira bwino. Pa shelefu ya m'munsi pali buku la nyimbo za mpingo wa Lutera lotsegula, ndiponso buku la masamu a amalonda, onse a m'Chijeremani, ndipo katswiri wina dzina lake William Dickes analimbikira kwa zaka zambiri kunena kuti amunawo ndi akalonga awiri apachibale a ku Jeremani. Kulakwa kwake kunali kosasiyanitsa mitundu iwiri ya zizindikiro. Mendulo ya pakhosi ndi dzina la mudzi pa mapu ndi zizindikiro za mwini chithunzi, pomwe buku la nyimbo, chingwe chimodzi choduka pa choimbira chonga gitala, chibade ndi mtanda wobisika pang'ono kuseri kwa katani cha kumwamba kumanzere ndi zizindikiro za uthenga, zonena za kugawanika kwa mpingo m'zaka zimenezo ndi za imfa. Wofuna dzina ayenera kuyamba wadzifunsa ngati chinthu chimene waonacho ndi cha munthuyo kapena ndi cha nkhani imene wojambula akukamba.

Mwamuna wa kumanja ndiye anavuta, chifukwa wavala mkanjo wautali woderako ndi kachipewa kakuda, chovala chimene wansembe, woweruza kapena mphunzitsi wa pa yunivesite akanatha kuvala. Dzina lake linachokera m'mapepala. Mu 1895 Mary Hervey anapeza kachikopa kolembedwa mu 1653 kamene kankafotokoza chithunzichi n'kutchula amuna onse awiri, Jean de Dinteville ndi bwenzi lake Georges de Selve, bishopu wa ku Lavaur. Kachikopako pakokha sikanali kokwanira, pakuti kanalembedwa patapita zaka 120 chithunzicho chitapentedwa, ndipo otsutsa ananena kuti n'kopeka. Chinalimbitsa nkhaniyi n'chakuti zonse zimene kananena zinagwirizana ndi umboni umene sunachokere kwa amene anakalemba. De Selve anabadwa mu 1508, mogwirizana ndi nambala ya pa buku ija. Kalata imene Dinteville analembera m'bale wake mu Meyi 1533 imanena kuti de Selve anabwera kudzamuchezera ku London. Ngakhale kusavala kwake zaubishopu kuli ndi chifukwa, popeza ngakhale anasankhidwa akali mnyamata, anadzozedwa mu 1534, chithunzicho chitatha kale.

Pali kanthu kena pa nkhaniyi kamene ine ndimakaona kuti n'kophunzitsa kuposa zonse. Ndandanda ya katundu wa m'nyumba ya ku Polisy yolembedwa mu 1589 imatchula chithunzichi, koma imanena kuti mwamuna wachiwiriyo ndi bishopu wa ku Auxerre, amene anali mkulu wake wa Dinteville. Pepala limeneli ndi lakale kuposa la 1653, linalembedwa m'nyumba mwenimwenimo momwe chithunzicho chinali, ndipo wina akanaganiza kuti ndilo loyenera kukhulupirira. Koma mkulu wakeyo anabadwa mu 1498, ndipo mu 1533 anali ndi zaka za m'ma 35, osati 25. Wolemba ndandandayo anaona munthu wovala ngati wa mpingo ataima pambali pa mwini nyumba, n'kungoganiza kuti ndi bishopu wa m'banjamo. Patangopita zaka 56, m'nyumba ya eni ake, dzina linali litasokonekera kale, ndipo chimene chinakonza kulakwako ndi kanambala kamene Holbein analemba ndi dzanja lake m'mphepete mwa buku.

Umboni wonse wotere umasungidwa m'kaundula wa nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo kachikwangwani kamene timawerenga pakhoma ndi chidule chake chabe. Chinthu chilichonse chikalandiridwa chimapatsidwa nambala yakeyake imene sisintha ngakhale dzina la chinthucho litasintha. Chithunzi cha akazembe chija ndi NG1314, ndipo cha Mona Lisa ku Louvre ndi INV 779. Nyumba zambiri zimagwiritsa ntchito nambala ya zigawo zitatu, mwachitsanzo 1998.14.3, imene ingatanthauze chinthu chachitatu pa katundu wa nambala 14 amene analandiridwa mu 1998. Nambalayi imalembedwa kumbuyo kwa chithunzi kapena pansi pa chiboliboli, ndipo ndiyo imatsegula faelo imene muli dzina la amene anapereka kapena kugulitsa chinthucho, eni ake akale mwa ndondomeko yawo, kukula kwake, chimene chinapangidwira, ndi zonse zimene okonza anachitapo. Amene akufuna kufunsa za chinthu chimene waona ku Lusaka National Museum mu Independence Avenue, kapena ku Livingstone Museum kumene kuli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amathandizidwa msanga akatchula nambalayi kusiyana ndi kungofotokoza maonekedwe, chifukwa zithunzi za munthu wotchuka mmodzi zimakhala zambiri, zina zokopera kwa zinzake.

Mawu a pa kachikwangwani amasankhidwa mosamala, ndipo pa masamba a pa intaneti a nyumbazi owerenga adzakumana ndi atatu amene ayenera kuwazindikira. Pamene palembedwa "attributed to" patsogolo pa dzina la wojambula, nyumbayo ikunena kuti ikuganiza kuti ndi iyeyo koma ilibe umboni wokwanira. Pamene palembedwa "after", chinthucho ndi chokopera ku ntchito ya wojambulayo, ndipo chikhoza kukhala chopangidwa patapita zaka zambiri. Pamene palembedwa "formerly known as" patsogolo pa dzina la wojambulidwa, ndiye kuti nyumbayo inalichotsa dzinalo itaona kuti silinali loona. Zithunzi zikamayenda pa mafoni mawu amenewa ndiwo amayamba kugwa, n'kutsala dzina lokha.

Powerenga ndondomeko ya eni ake, chofunika kuyang'ana ndi mipata yake ndiponso chaka chimene dzina linayamba kuoneka. Dzina la Mona Lisa linachokera kwa Giorgio Vasari, amene analemba mu 1550, Leonardo da Vinci atamwalira kale zaka 31, ndipo mpata umenewu unapatsa anthu danga lotchula akazi ena ambiri. Mu 2005, mu laibulale ya yunivesite ya Heidelberg, munapezeka mawu amene mlembi wa boma la Florence, Agostino Vespucci, analemba m'mphepete mwa buku mu Okutobala 1503, onena kuti Leonardo anali kujambula nkhope ya Lisa del Giocondo. Mizere yochepayo ndi yolemera chifukwa inalembedwa mumzinda womwewo ntchito ili m'kati, ndi munthu amene sankagulitsa kanthu.

Kukhalitsa kwa dzina si umboni wakuti ndi loona. Chiboliboli chamkuwa cha mfumu ya Roma itakwera kavalo, chimene tsopano chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Capitoline ku Roma, chinakhala zaka mazana ambiri pafupi ndi tchalitchi cha Laterano anthu akuchitchula kuti ndi Konstantino, mfumu yoyamba ya Roma kuvomereza Chikhristu, ndipo ambiri amakhulupirira kuti dzina lolakwikalo ndilo linachipulumutsa pamene ziboliboli zina zamkuwa zinkasungunulidwa. M'zaka za m'ma 1400 ophunzira anachiyerekezera ndi makobidi akale n'kuona kuti tsitsi lopotana ndi ndevu zambirizo ndi za Marcus Aurelius, amene analamulira kuyambira mu 161 mpaka 180. Apa ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene nkhope imagwira ntchito ya umboni, ndipo chifukwa chake n'chakuti pa khobidi nkhope ndi dzina zinadindidwa pamodzi, ndi boma la mfumuyo, iyo ili moyo.

Ziboliboli ziwiri za kuno kwathu zimaonetsa mbali ina ya nkhaniyi, yakuti si chiboliboli chilichonse chimene chinapangidwa kuti chikhale cha munthu mmodzi. Freedom Statue, chimene chili patsogolo pa Government Complex ndipo chinasindikizidwaponso pa ndalama zathu za kwacha, chinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu, ndipo anachipanga ndi wosema wa ku Mangalande, James Butler. Chikuonetsa mwamuna wopanda malaya atakweza manja, unyolo utaduka. Unyolowo ndi chizindikiro cha uthenga, ndipo chibolibolicho ndi chokumbukira onse amene anataya moyo pomenyera ufulu, n'chifukwa chake nkhata zamaluwa zimaikidwa pamenepo pa 25 Meyi. Dzina la Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala, amene nkhani yake yodula unyolo atamangidwa ndi atsamunda imakambidwa kuti ndiyo inabala chibolibolichi, silichokera m'chizindikirocho koma m'mbiri yokambidwa ndi yolembedwa ya m'nthawi ya chipani cha UNIP. Choncho mawu oyenera ndi akuti chibolibolichi chinatengera nkhani ya a Mutembo ndipo chikuimira omenyera ufulu onse, zimene zikusiyana ndi chiboliboli cha David Livingstone cha ku Victoria Falls kumbali ya Zimbabwe, chimene William Reid Dick anachipanga kuti chikhale cha munthu mmodzi wotchulidwa dzina ndipo chinaimikidwa mu 1934.

Chachiwiri sichilinso mu Lusaka, koma akuluakulu ena amachikumbukira. Ndi chiboliboli chamkuwa cha mnyamata wamaliseche atakwera kavalo, dzanja limodzi ataphimba nalo maso ngati akuyang'ana kutali, chimene chinaimikidwa patsogolo pa High Court mu 1960. Popeza chinabwera ndi British South Africa Company, anthu ankachigwirizanitsa ndi Cecil Rhodes, ndipo n'zosavuta kuti woona chithunzi chake chakale aganize kuti wokwera kavaloyo ndi Rhodes. Kaundula akunena zina. Wosema wake, George Frederic Watts, amene anamwalira mu 1904, anachitcha Physical Energy, ndipo wokwerayo si munthu wa m'mbiri koma chifaniziro cha nyonga za munthu. Kugwirizana kwake ndi Rhodes kunabwera chifukwa chiboliboli choyamba kusungunulidwa kuchokera m'chikombole chimenechi chinaikidwa pa chikumbutso chake ku Cape Town, pomwe china chili m'munda wa Kensington ku London. Cha ku Lusaka chinazulidwa pambuyo pa ufulu wa 1964 n'kutumizidwa ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo tsopano chili pabwalo la National Archives mumzinda womwewo. Amene ali ndi chithunzi chakale cha kavaloyu ndipo akufuna kudziwa kuti ndi uti mwa atatuwa sangathandizidwe ndi maonekedwe a chibolibolicho, popeza onse ndi ofanana. Ayenera kuyang'ana nyumba kapena phiri limene lili kumbuyo kwake, mwala umene chaimapo, ndi chaka chimene chadindidwa kuseri kwa chithunzicho.